Musanagule swichi ya netiweki, werengerani kaye mawati

Bizinesi ikamakula, rauta imene munalandira polumikiza intaneti imayamba kuchepa. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo anayi okha, pomwe makompyuta, pulinta ndi makamera zikungochuluka. Apa ndiye amisiri amati gulani swichi, kabokosi ka mabowo ambiri kolumikiza zipangizo zonse kuti zizilankhulana. Mabowowo amawatcha mapoti. Anthu ambiri akafika m'sitolo amangofunsa kuti mapoti ndi angati, mtengo ndi bwanji, basi n'kulipira. Vuto limadzatulukira swichiyo ili kale pakhoma.

Tiyerekeze ndi malo ogona alendo a zipinda khumi ndi ziwiri. Ali ndi makompyuta 4, pulinta imodzi, makamera 8, timabokosi 3 tomwaza Wi-Fi, mafoni 4 a padesiki oyendera netiweki, makina osungira zithunzi za makamera, ndi kebulo yopita ku rauta. Zonse pamodzi ndi mapoti 22. Maswichi amabwera ndi mapoti 8, 16, 24 kapena 48, ndiye ya 24 ikukwana, koma kwangotsala awiri okha. Mwamwayi mafoni ambiri otere ali ndi poti yachiwiri kumbuyo, moti kompyuta ya padesikipo itha kudutsira pa foniyo. Mukatero mwapulumutsa mapoti anayi, ndipo asanu ndi limodzi atsala kudikira chaka chamawa. Ine ndimalangiza kuti pa mapoti anayi aliwonse, imodzi izikhala yopanda ntchito pa tsiku logula. Onaninso kuti mapoti onse ndi a gigabiti, olembedwa 10/100/1000. Alipo maswichi otchipa a 10/100 amene amakwanira makamera okha, koma amachedwetsa kompyuta ikamatumiza mafayilo akuluakulu.

Nkhani yaikulu ili pa PoE. Iyi ndi njira yotumizira magetsi m'kebulo yomweyo ya netiweki, kotero kamera ya pageti kapena kabokosi ka Wi-Fi ka kudenga sikafuna soketi yakeyake. Muyezo wa 802.3af wa mu 2003 umapereka mawati 15.4 pa poti imodzi. Wa 802.3at wa mu 2009, umene pabokosi amaulemba PoE+, umafika mawati 30. Wa 802.3bt wa mu 2018 umafika 60 kapena 90, koma bizinesi yaing'ono siifuna zimenezo kawirikawiri.

Chimene ogulitsa ambiri safotokoza n'chakuti mphamvu ya poti imodzi ndi ina, mphamvu ya swichi yonse ndi inanso. Zili ngati thanki ya madzi ya mipopi 24: mpopi uliwonse ndi waukulu ndithu, koma mukaitsegula yonse nthawi imodzi madzi sakwanira. Mphamvu yonseyo imalembedwa papepala la swichi kuti `PoE budget`. Maswichi awiri a mapoti 24 atha kufanana maonekedwe, koma ina ili ndi mawati 195, inzake 370.

Tiyeni tiwerengere malo ogona aja. Tinene kuti mapepala a zipangizo akuonetsa kuti kamera iliyonse imafika mawati 12 ikamagwira ntchito mwamphamvu, kabokosi ka Wi-Fi mawati 20, foni mawati 6. Makamera atenga 96, timabokosi 60, mafoni 24. Zonse ndi mawati 180. Munthu angati ya 195 ikukwana, koma kwangotsala 15, kamera imodzi yokha basi. Ndiye pali chinanso. Maswichi ena sawerengera zimene chipangizo chikudya panthawiyo, amachisungira mphamvu malinga ndi gulu lake. Kamera ya gulu lapamwamba la 802.3af amaisungira 15.4, kabokosi ka PoE+ amakasungira 30, foni ya gulu lachiwiri 7. Mukawerenganso mupeza 123.2 kuphatikiza 90 kuphatikiza 28, zomwe ndi mawati oposa 241. Swichi ya 195 ikana kuyatsa zipangizo zina ngakhale mapoti alipo. Kwa malo amenewa yoyenera ndi ya 370.

Kuchepa kwa mphamvu kuli ndi chizindikiro chodziwika. Masana zonse zimayenda bwino. Kukangoda, makamera amayatsa timagetsi tawo toonera mumdima n'kuyamba kudya mawati ambiri, ndiye swichi imadula poti imodzi kapena ziwiri kuti idziteteze. Kamera imazima, imayakanso, imazimanso, nthawi yomwe mlonda akuidalira kwambiri. Eni ake amathamangira kusintha kamera pomwe kamerayo ilibe vuto. Pa swichi imene mungalowemo pa kompyuta, tsamba la PoE limaonetsa mawati amene poti iliyonse ikudya ndi amene atsala. Liyang'aneni usiku, osati masana. Kungokhala ndi tsamba limeneli n'chifukwa chokwanira choonjezera ndalama pang'ono.

Samalaninso ndi maswichi ndi timabokosi tolembedwa `passive PoE`. Swichi yotsatira muyezo imayamba yafufuza ngati chipangizo chikufuna magetsi isanatumize. Zinazi zimangotumiza, nthawi zambiri mavoti 24, ndipo zitha kuotcha poti ya chipangizo cholakwika. Kebulo nayo ikhale ya kopa yeniyeni, yosapitirira mamita 100. Yotchipa ya aluminiyamu yongokutidwa kopa imataya mphamvu m'njira ndipo imatentha. Musaiwalenso kuti magetsi akathima, makamera, mafoni ndi Wi-Fi zonse zimadalira swichi imodziyo, choncho batire kapena inivetala yanu iyenera kunyamula mawati 180 aja pamodzi ndi amene swichiyo imadya payokha.

Tsono tibwere ku poti yotulukira, imene imalembedwa `uplink`. Ndi yolumikizira swichi ku rauta, ku seva kapena ku swichi ina. Apa anthu amagulitsidwa zodula popanda chifukwa. Kamera wamba imatumiza mamegabiti pafupifupi 4 pa sekondi, ndiye makamera 8 ndi mamegabiti 32 okha. Ngati intaneti yanu ndi ya mamegabiti 50 kapena 100, poti ya gigabiti imodzi, yomwe ndi mamegabiti 1,000, ikadali ndi malo ambiri. Mapoti a SFP+ a magigabiti 10 amafunika pamene anthu ambiri akukoka mafayilo olemera pa seva imodzi, monga kumalo okonzera mavidiyo. Komabe mapoti a SFP a gigabiti imodzi ndi ofunika kukhala nawo, chifukwa ndimo mumalowa faiba. Malo ogona aja akadzamanga zipinda zina kuseri kwa bwalo, faiba idzafika kutali kuposa mamita 100, ndipo poti ndi galasi, siinyamula mphamvu ya mphezi kuchoka ku nyumba ina kupita ku inzake monga imachitira kopa nthawi ya dzinja.

Nambala yotsiriza, ya `switching capacity`, isakuopseni. Imanena kuchuluka kwa zimene swichi ingadutsitse mkati mwake nthawi imodzi. Phatikizani liwiro la mapoti onse, kenako chulukitsani kawiri chifukwa poti iliyonse imatumiza ndi kulandira nthawi yomweyo. Mapoti 24 a gigabiti ndi ma SFP 4 ndi magigabiti 28, kawiri ndi 56. Akakhala ma SFP+ 4, nambala ikhale 128. Papepala pakalembedwa choncho, palibe poti imene idzadikire inzake. Maswichi ambiri a gigabiti a masiku ano amafika pamenepo, ndiye ingotsimikizani, ndipo wogulitsa akalephera kukuonetsani pepalalo, kaguleni kwina.

Malo ogona aja agule swichi ya mapoti 24 a gigabiti a PoE+, ya mawati 370, ya ma SFP awiri kapena anayi. Swichi ya mphamvu yotere imakhala ndi timafani taphokoso, choncho musaiike pa desiki yolandirira alendo. Ipezereni kabati pamalo podutsa mphepo komanso popanda fumbi.