Kukonza kalata ya mwini osafufuta mawu ake

Kalata imene awerengi amaiona patsamba la nyuzipepala imakhala itadutsa m'manja mwa anthu awiri: amene adailemba ndi mkonzi amene adaiwongola. Pansi pake pamasindikizidwa dzina la munthu mmodzi yekha, mlembiyo. Anthu akwawo akaiwerenga amati wayankhula ndi iye, ndipo kalatayo ikakwiyitsa wina, amene amalozedwa chala ndi iye yemweyo. N'chifukwa chake mkonzi ali ndi malire amene sayenera kulumpha. Ntchito yake n'kuchotsa zopunthwitsa owerenga, koma kalatayo ikhalebe ya mwiniwake.

Kuti malirewo aoneke bwino, tiyerekeze kuti mayi wina wakumudzi watumiza kalata iyi pafoni, ndipo yafika momwe adailembera:

"akonzi ndiloleni ndilankhulepo ife kuno mjigo wathu unafa mu juni mpakana lero palibe chikuchitika tinasonkha K500 nyumba iliyonse koma akomiti angoti zii akuti ndalama zinapita kwa makaniko koma makanikoyo sitinamuonepo ndi maso athuwa azimai tikuzuka 3 koloko mbanda kucha kukatunga mazi kudambo komwe ngombe zikumwa ana akutsekula mmimba wapampando uja ndiwakuba wadya ndalama zathu kodi akudikila malilo kuti azuke"

M'kalatayi muli zinthu za mitundu itatu: zoyenera kukonza mosafunsa, zoyenera kuzisiya momwe zilili, ndi chimodzi chimene sichingasindikizidwe.

Zokonza mosafunsa

Mtundu woyamba ndi wa zinthu zimene zili ndi lamulo lodziwika. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bodi ya Chichewa idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwaunikanso mu 1980 ndi 1990. Lero ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa likulu lofufuza za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Mkonzi akakonza chilembo potsata malamulowa, sakhudza maganizo a mlembi, chifukwa kalatayo ikawerengedwa mokweza imamvekabe chimodzimodzi.

Choyamba ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mayiyu sadaike mpumiro ngakhale umodzi, choncho mkonzi amadula ziganizo pamene munthu woyankhula akadapumira, amaika zilembo zazikulu poyambira, ndipo pamapeto pa funso amaika mfunsiro. Nkhodolero imabwerera pamalo pake: "ngombe" ikhala "ng'ombe" ndipo "mmimba" ikhala "m'mimba". "Mbanda kucha" ndi liwu limodzi, mbandakucha. "Akudikila malilo" ikhala "akudikira maliro", popeza lamulo limati pambuyo pa i kapena e timalemba r, pomwe pambuyo pa a, o kapena u timalemba l.

Mawu ngati "mazi" ndi "tikuzuka" amafuna kulingalira pang'ono. Mayiyu walemba momwe amatchulira, ndipo anthu ambiri, makamaka m'chigawo cha kummwera, amatchula z pamene kalembedwe kali ndi dz. Komabe apa mkonzi amakonza, n'kulemba "madzi" ndi "tikudzuka". Chifukwa chake n'chakuti papepala kusiyana kumeneku kumatha kusintha tanthauzo. "Dzina" ndi "zina" ndi mawu awiri osiyana, monganso "phala" ndi "pala". Komanso kusindikiza zilembo zolakwika pansi pa dzina la munthu kumachititsa owerenga kuseka kalembedwe m'malo momva dandaulo.

Zosiya momwe zilili

Mtundu wachiwiri ndi umene umayesa mkonzi, chifukwa palibe cholakwika, pali chabe mawu amene iye sakadasankha. Mayiyu wati mjigo "unafa". Cholembera chimathamangira kulemba "udawonongeka", koma mawu awiriwa salemera mofanana. Chowonongeka chimamveka ngati chikudikira mmisiri, pomwe chakufa anthu adachitaya mtima. Mayi amene wakhala miyezi akutunga kudambo adasankha liwu logwirizana ndi zimene akuona.

"Angoti zii" ndi mvekero, ndipo mvekero ndi Chichewa chenicheni. Kulemba kuti "sakupereka yankho lililonse" n'kuwonjezera mawu kwinaku mukuchepetsa mphamvu. Chimodzimodzinso "ndi maso athuwa". Wina anganene kuti munthu saona ndi china koma maso, choncho mawuwa ngobwereza. Koma kubwerezako ndiye kutsindika kwa mlembi. Akunena kuti iwo eni ake, amene adasonkha ndalama, ndiwo mboni.

Mawu obwereka amene anthu adawazolowera nawonso amasiyidwa. "Makaniko", "komiti" ndi "koloko" aliyense amawamva, ndipo kuwasintha kuti akhale "mmisiri wokonza mijigo" kapena "gulu loyendetsa ntchito" kumamuveka mayiyu chovala chosakhala chake. "Mpakana" ndi mnzake wa "mpaka" amene amamveka m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku. "Palibe chikuchitika" angaoneke ngati asowa liwu loti "chomwe", koma umu ndi momwe anthu amayankhulira ndipo palibe owerenga amene angasokonezeke. Nyuzipepala ina imakonda kulemba "adapita" m'nkhani za atolankhani ake pomwe mlembi walemba "anapita". Umenewo ndi mwambo wa nyuzipepalayo, ndipo palibe chifukwa choukakamizira pakalata ya munthu wakunja.

Liwu loopsa kwambiri kulikhudza m'kalata yonseyi ndi laling'ono: "akuti". Mayiyu sadanene kuti ndalama zidapita kwa makaniko. Wanena kuti wamva choncho, ndipo chiganizo chotsatira chikusonyeza kuti akukayika. Mkonzi wofuna kufupikitsa akachotsa "akuti", mphekesera imasanduka umboni, ndipo mlembi amaoneka ngati akuvomereza chinthu chimene akutsutsa. Mawu ngati "mwina", "ndamva kuti", "ena mwa iwo" ndi "pafupifupi" ali m'gulu lomweli. Amayeza kuchuluka kwa zimene mlembi akudziwa, choncho sachotsedwa ndipo sawonjezedwa. Manambala nawo sasinthidwa mongoganizira. Ngati K500 ikuoneka yochepa, njira yake n'kumuimbira mlembi, osati kuwonjezera ziro.

Chimene sichingasindikizidwe

Chiganizo choti wapampando ndi wakuba ndi nkhani ina. Kumudziko wapampando wa komiti ya mjigo ndi mmodzi, ndiye ngakhale dzina lake silidalembedwe, aliyense amudziwa. Kumutcha wakuba popanda umboni n'kuipitsa mbiri yake, ndipo mlandu wotere umatha kugwera mlembi pamodzi ndi nyuzipepala imene yasindikiza.

Apa pali msampha wofewetsa mawu. Mkonzi akalemba kuti "zikuoneka kuti wapampando sadayendetse bwino chuma", amakhala atalakwa kawiri. Chala chikulozabe munthu yemweyo, komanso mayiyu wapatsidwa mawu amene sadanene. Njira zoyenera ndi ziwiri. Yoyamba n'kuchotsa chiganizo chonsecho, popeza kalatayo imaimabe payokha. Yachiwiri n'kumuimbira mayiyo, kumufotokozera vutolo ndi kumufunsa ngati angakonde kunena mwa njira ina. Akati alembe kuti "Wapampando atiuze komwe kwapita ndalama zathu", mawuwo ndi akebe chifukwa atuluka m'kamwa mwake.

Kalata ziwiri zotuluka m'kalata imodzi

Mkonzi wodziletsa, amene wachotsa chiganizo choopsacho, angatulutse kalata yotere:

"Akonzi, ndiloleni ndilankhulepo. Ife kuno mjigo wathu unafa mu Juni, mpakana lero palibe chikuchitika. Tinasonkha K500 nyumba iliyonse koma akomiti angoti zii. Akuti ndalama zinapita kwa makaniko, koma makanikoyo sitinamuonepo ndi maso athuwa. Azimayi tikudzuka 3 koloko mbandakucha kukatunga madzi kudambo komwe ng'ombe zikumwa. Ana akutsekula m'mimba. Kodi akudikira maliro kuti adzuke?"

Mkonzi wa dzanja lolemera angatulutse iyi:

"Ndikufuna kudandaula za vuto la madzi lomwe lakhudza dera lathu. Mjigo wathu udawonongeka mu Juni ndipo ngakhale anthu adasonkha ndalama zomwe zidaperekedwa kwa mmisiri, palibe chomwe chachitika. Izi zikuika miyoyo ya amayi ndi ana pachiswe. Ndikupempha akuluakulu kuti achitepo kanthu."

Kalata yachiwiriyi ilibe chilembo cholakwika, koma yataya zambiri. K500 ija yasowa, ng'ombe zasowa, ndipo 3 koloko ya mbandakucha yasowa. Mphekesera ya makaniko yasanduka choonadi. "Azimayi tikudzuka" adasonyeza kuti wolembayo ali m'gulu la otunga madziwo, koma tsopano amayi akunenedwa ngati anthu ena akutali. Funso lakuthwa la maliro lalowedwa m'malo ndi pempho limene limapezeka kumapeto kwa makalata ambirimbiri. Owerenga sangadziwenso ngati walemba ndi mayi wakumudzi, mphunzitsi kapena mkulu wa bungwe.

Momwe mkonzi angadziyesere

Pali njira zitatu zodziwira ngati dzanja lapyola malire. Yoyamba n'kudzifunsa pamalo paliponse posinthidwa kuti chifukwa chake n'chiyani. Ngati yankho ndi lamulo la kalembedwe, kusamveka kwa tanthauzo kapena kuopa mlandu, kusinthako n'koyenera. Ngati yankho n'lakuti "ine ndikadalemba chonchi", liwu la mlembi libwerere pamalo pake.

Yachiwiri n'kuwerenga mokweza makalata onse awiri, yoyambirira ndi yokonzedwa. Kukonza zilembo ndi zizindikiro sikumveka kwenikweni m'khutu, choncho pamene khutu lamva kusiyana kwakukulu ndi pamene pafunika kuunikanso. Yachitatu n'kuyang'ana tsamba lonse. Makalata asanu ochokera kwa anthu asanu akamayamba ndi kutha mofanana, ndiye kuti amene akuyankhula patsambalo ndi mkonzi.

Malo akachepa, kufupikitsa sikulephereka. Pamenepo ndi bwino kudula mfundo yathunthu imene ili yaing'ono kusiyana n'kufinya chiganizo chilichonse mpaka chiume. Kalata ya mawu 300 imene yataya ndime imodzi imamvekabe mwini wake, pomwe imene yalembedwanso mwachidule m'mawu 150 imakhala lipoti la mkonzi lonena za kalatayo. M'kalata ya mayi uja, malo atachepa kwambiri, chiganizo chopempha chilolezo cha kumayambiriro chingachoke. Koma K500, "akuti", ng'ombe za kudambo ndi funso la maliro ziyenera kufika kwa owerenga monga adazilembera.