Kusankha Giza ya Sola Yokwanira Banja

Kukula kwa giza ya sola kumayezedwa pa zinthu ziwiri: thanki yosunga madzi ndi mbale kapena machubu agalasi amene amakola dzuwa padenga. Ogula ambiri amangofunsa malita a thanki, koma thanki siitenthetsa madzi. Chofunika kudziwa choyamba ndi mphamvu imene banja limafuna tsiku lililonse, ndipo zina zonse zimachokera pamenepo.

Kuwerengera kumayambira kubafa. Munthu sasamba madzi a mu giza okhaokha chifukwa amawotcha. Amawasakaniza ndi ozizira mpaka afike pafupifupi madigiri 40. Madzi a mu giza akakhala pa madigiri 60 ndipo a kumpopi ali pa madigiri 20, theka la ndowa limakhala otentha, theka lina ozizira. Choncho banja la anthu asanu, aliyense akamasamba ndowa ya malita 20 m'mawa ndi madzulo, limatha malita 200 a madzi ofunda, koma ochokera mu giza ndi malita 100 okha. Kuwonjezapo malita 30 otsukira mbale ndi 20 a alendo, onse pamodzi ndi malita 150. Nyumba ya shawa iyenera kuyeza yokha: kutchera ndowa pansi pa shawa kwa mphindi imodzi kumaonetsa malita amene amatuluka, ndipo kawirikawiri shawa imadya madzi kuposa ndowa.

Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu yofanana kulikonse, ndipo masamu ake ndi awa:

```
kWh = L × (T2 − T1) × 1.16 ÷ 1000
```

L ndi malita, T1 ndi kutentha kwa madzi olowa, T2 ndi kumene akufunika kufika. Yankho limatuluka m'mayunitsi omwe aja ogula ku ESCOM. Pa banja lija, 150 kuchulukitsa ndi 40, kenako ndi 1.16, n'kugawa ndi 1,000, zimapereka pafupifupi mayunitsi 7 pa tsiku. Giza ya magetsi yokhala ndi elementi ya makilowati awiri ingayake maola atatu ndi theka kuti igwire ntchito yomweyo.

Funso lotsatira ndi kukula kwa malo okola dzuwa. Ku Malawi, sikweya mita imodzi imalandira mayunitsi apakati pa 5 ndi 6 pa tsiku, tikatengera chaka chonse. Koma si onse amene amalowa m'madzi. Kuwala kwina kumabwerera pa galasi, kutentha kwina kumathawira m'mapaipi ndi m'thanki usiku, moti powerengera ndi bwino kutenga theka lokha. Pa mayunitsi 5, sikweya mita imodzi ipereka 2.5, ndiye mayunitsi 7 afuna masikweya mita 2.8, kapena tingoti atatu.

Apa m'pamene ambiri amaphonya, chifukwa amawerengera dzuwa la Okutobala pomwe madzi otentha amafunika kwambiri mu Juni ndi Julayi. Nyengo yozizira imapweteka mbali ziwiri: dzuwa limachepa mphamvu, madzi olowa nawo amazizira. Kumalo okwera monga Dedza kapena Mzuzu, madzi akalowa pa madigiri 15, malita 150 omwe aja amafuna mayunitsi 7.8. Dzuwa likatsika kufika pa 4.5, pafunika masikweya mita atatu ndi theka. Magiza a machubu nthawi zambiri amagulitsidwa pa muyezo wa chubu chimodzi pa malita khumi, kutanthauza machubu 15 pa thanki ya malita 150. Muyezo umenewu umakwanira m'chilimwe, koma m'miyezi yozizira madzi sangafike madigiri 60 masiku onse. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chiperoni chikagwa masiku angapo otsatizana, palibe kukula kwa giza kumene kungathandize. Pamenepo m'pofunika elementi yothandizira.

Masamuwa amagwira pokhapokha giza itayang'ana kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 20 mpaka 25, ndiponso mthunzi wa mtengo wa mango kapena thanki ya madzi usakugwerapo masana.

Giza yochepa imadziwika mosavuta. Pa tsiku lopanda mitambo, popanda wotunga madzi kuyambira m'mawa, madzi akangokhala ofunda pofika 4 koloko, malo okola dzuwa ndi ochepa. Akatentha bwino koma n'kutha munthu wachitatu asanasambe, yochepa ndi thanki. Akatentha madzulo n'kupezeka ozizira m'mawa, vuto ndi chofunda cha thanki kapena mapaipi osakutidwa. Kupyola muyezo nakonso n'kutaya ndalama: mu Okutobala madzi amawira, nthunzi n'kumatuluka pa paipi yopumira, ndipo madzi a pachitsime okhala ndi laimu amasiya zoyera zouma m'machubu mofulumira.

Thanki ya malita 150 ikadzadza, madzi okha amalemera makilogalamu 150, osawerengera zitsulo ndi machubu. Mitanda ya denga iyenera kuonedwa giza isanakwezedwe.