Polobu Ikonzedwe Kaye Nthawi Yokwera Isanayezedwe

Osilosikopu ndi makina ojambula pa sikirini mmene mavoti akukwerera ndi kutsikira m'chipangizo chamagetsi. Amisiri amayezera makinawa nthawi yokwera, imene ili nthawi yomwe sigino imatenga kuchoka pa 10 peresenti kufika pa 90 peresenti ya msinkhu wake. Koma sigino imafika pa sikirini itadutsa kale mu polobu, kachingwe kokhudzira poyeza, ndiponso m'makinawo. Ziwirizi zikhoza kupotoza chithunzi.

Polobu yofala ndi ya `10X`. Ili ndi rezisita ya mamegaomu 9, imene imagwirizana ndi megaomu 1 ya polowera makina, motero mavoti amachepa kakhumi. Vuto lili pa chingwe ndi polowerapo: zimasunga magetsi pang'ono ngati kapasita, ndipo zimafooketsa mbali zofulumira za sigino. N'chifukwa chake polobu ili ndi kapasita yaing'ono yopotokola, yobwezera zotayikazo.

Kukonza kwake sikutenga mphindi. Polobu imakoledwa pa kachitsulo kolembedwa `PROBE COMP` kapena `CAL`, kamene nthawi zambiri kamatulutsa sigino ya makona anayi ya kilohetsi 1. Makona akaoneka obulungira, kubwezerako kwachepa, ndipo sigino ioneka yochedwa kuposa mmene ilili. Akaoneka osongoka ngati nyanga, kwapyola. Kasikuluwu ka pa polobu kamapotokoledwa ndi kachida ka pulasitiki, popeza chitsulo chimasokoneza, mpaka pamwamba patakhala thyathyathya. Polobu ikasamukira pa makina ena kapena polowera pena, ntchitoyi imabwerezedwa, ngakhale ambiri amachita nayo ulesi.

Kenako pamabwera bandiwidifi, liwiro limene makina amayamba kuonetsa 70.7 peresenti yokha ya msinkhu weniweni wa sigino. Makina nawonso ali ndi nthawi yawo yokwera, ndipo pa ambiri osafika gigahetsi 1 imapezeka motere:

```
tr = 0.35 / BW
```

Makina ndi polobu zikakhala za mamegahetsi 100 pamodzi, nthawiyo ndi mananosekondi 3.5. Sigino yokwera m'mananosekondi 5 sioneka ngati 5 ayi, chifukwa nthawi ziwirizi zimaphatikizana:

```
sqrt(5^2 + 3.5^2) = 6.1
```

Kusiyanaku n'kwa 22 peresenti, ndipo pa sikirini palibe chochenjeza. Sigino ya nanosekondi 1 ioneka ngati 3.6, kutanthauza kuti makina akungodziyeza okha. Nambala yowerengedwa ikayandikira nthawi yokwera ya makina, siyenera kukhulupiriridwa. Makina akafulumira kasanu kuposa sigino, cholakwika chimatsikira pa 2 peresenti.

Bandiwidifi imatayikanso mwakachetechete. Batani la `BW LIMIT` likasiyidwa loyaka, makina ambiri amatsikira pa mamegahetsi 20, ndipo nthawi yawo yokwera imafika mananosekondi 17.5. Kaswichi ka pa polobu kakaterereka n'kufika pa `1X`, pamangotsala mamegahetsi ochepa chabe. Waya wautali wa graundi nawonso umachititsa mzere kunjenjemera sigino ikangokwera, choncho poyeza zofulumira umalowedwa m'malo ndi kasipuling'i kakafupi komangika kumutu kwa polobu.