Laputopu kapena foni ikatayika, wotola angaone chiyani?

Tiyerekeze kuti wowerengera ndalama pa kampani ina waiwala chikwama cha laputopu m'minibasi yopita ku Limbe. M'laputopumo muli ndandanda ya malipiro a antchito, zithunzi za ziphaso zawo za unzika ndi makalata a kubanki. Iye akudzitonthoza kuti palibe angatsegule, popeza anaikapo pasiwedi.

Ngati diski ya laputopuyo siinakhomedwe ndi enikiripishoni, chitonthozo chakecho n'chachabe. Pasiwedi ya Windows imangoletsa munthu kulowa kudzera pa Windows, koma mafayilo amakhala pa diski monga mmene analembedwera. Wokonza makompyuta aliyense angathe kumasula masikuluwu a kunsi, n'kuchotsa diskiyo, n'kuilumikiza ku kompyuta ina ngati fulashi wamba. Wina safuna n'komwe kumasula kanthu: amangoyatsa laputopuyo ndi fulashi yokhala ndi Linux, mafayilo onse n'kuonekera, pasiwedi osafunsidwa.

Kukhoma diski yonse kumatseka njira ziwiri zonsezi. Chilichonse cholembedwa pa diski chimayamba chasokonezedwa ndi masamu, ndipo chimabwerera m'chimake pokhapokha pali kiyi yake. Pa Windows ntchitoyi imagwiridwa ndi BitLocker, pa Mac ndi FileVault, pa Linux ndi LUKS. M'malaputopu ambiri a Windows kiyiyo imasungidwa m'kachipangizo ka pa bolodi kotchedwa TPM, choncho diski ikachotsedwa kiyi imatsalira. Wotola uja akailumikiza kwina amafunsidwa kiyi yobwezeretsera ya manambala 48. Alibe, ndiye chomwe angachite n'kufufuta zonse ndi kugulitsa laputopu yopanda kanthu. Katundu wapita ndithu, koma malipiro a anthu sanaululike.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Laputopu ikayatsidwa bwinobwino, TPM imapereka yokha kiyi kwa Windows, ndipo chotsala pakati pa wakuba ndi mafayilo ndi pasiwedi ija. Ngati pasiwediyo ndi dzina la mwana kapena yalembedwa pa kapepala m'chikwama momwemo, enikiripishoni sithandiza kanthu. Komanso laputopu yongotsekedwa chivundikiro imakhala ili mtulo chabe, kiyi ikadali m'memore, ndipo akatswiri okhala ndi zida angathe kuitulutsa. Ponyamuka ulendo ndi bwino kuizimitsiratu.

Mafoni ali patsogolo pa nkhaniyi. Mafoni a iPhone amabwera okhomedwa kale, chimodzimodzinso mafoni ambiri amene anatuluka ndi Android 10 ya mu 2019 kapena yatsopano kuposa imeneyo, ngakhale kuti awa amakhoma fayilo iliyonse payokha m'malo mwa diski yathunthu. Koma mphamvu yake imadalira pini yotsegulira sikirini. Pini ya manambala anayi ili ndi njira 10,000 zokha, pomwe ya manambala asanu ndi limodzi ili ndi 1,000,000, ndipo foni imachedwetsa munthu akamalakwitsa mobwerezabwereza. Foni yopanda pini, kapena yolandidwa m'manja ili yotsegula, ilibe chitetezo chilichonse.

Chondidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi simukhadi, chifukwa enikiripishoni siikhudza n'komwe. Wakuba akalephera kutsegula foni amangoisolola, n'kuiika mu foni ina. Kuyambira pamenepo mameseji onse obwera pa nambala yanu, kuphatikizapo manambala otsimikizira a kubanki ndi a WhatsApp, akufikira iyeyo, ndipo ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zikutetezedwa ndi pini yake yokha. Mankhwala ake n'kuika pini pa simukhadi, imene imadzikhoma munthu akalakwitsa katatu, ndiponso kuuza kampani ya foni kuti itseke nambalayo tsiku lomwelo. Memorekhadi nayo nthawi zambiri imakhala yosakhoma, choncho zithunzi za mmenemo aliyense angazione.

Enikiripishoni sikondera mwini wake. Bolodi ya laputopu ikapsa, inunso mudzafunsidwa manambala 48 aja, ndipo ngati munawataya, ngakhale wokonza waluso bwanji sangakupulumutsireni mafayilo. Kiyiyo imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft ngati munalowa nayo, apo ayi isindikizeni papepala n'kuisunga kunyumba, osati m'chikwama cha laputopu.

Kuti mudziwe ngati laputopu yanu ya Windows ndi yokhomedwa, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba:

```
manage-bde -status
```

Mukaona Protection On, diski ndi yokhomedwa. Mukaona Protection Off, pitani ku Settings, mufufuze Device encryption kapena BitLocker, muyatse lero lomwe, makamaka ngati laputopuyo munagula yakaunjika.