Mutu wa malangizo ukhale funso la mwini vuto

Munthu amene walandira ndalama pa foni koyamba safufuza za "njira zamakono zoyendetsera chuma". Uthenga wafika kuti mwana wake wa ku Lilongwe watumiza K20,000, ndipo funso lake ndi limodzi: ndalamazi ndizitapa bwanji? Iyeyo, kapena mdzukulu wake amene ali ndi foni ya intaneti, adzalemba funso lomwelo pa Google kapena pa YouTube. Ngati mutu wa malangizo anu ulibe mawu amenewo, adzakudutsani ngakhale malangizowo ali abwino.

Tiyerekeze kuti mwalemba malangizo a katapidwe ka ndalama n'kuwapatsa mutu wakuti "Kagwiritsidwe ntchito ka lamya pa nkhani zachuma". Chichewa chake n'chabwino, koma pa benchi ya ejenti anthu amati foni, osati lamya, ndipo amati kuika, kutumiza ndi kutapa. Mutuwu sunatchulenso kampani, pomwe wa Airtel Money amayamba ndi *211# ndipo wa Mpamba ya TNM amayamba ndi *444#. Mukaukonza umakhala "Ndingatape bwanji ndalama pa Mpamba koyamba?" Apa pali ntchito imodzi ndi dzina limodzi, ndipo mawu akuti "koyamba" akumutsimikizira munthu kuti simudumpha kanthu, ngakhale zoti awerenge ndalama zake asanachoke pa ejenti.

Mitu ina ikhoza kutsata njira yomweyi: "Kutsegula Airtel Money: nditenge chiyani kupatula chiphaso cha unzika?", "Kugula mayunitsi a magetsi a ESCOM pa foni", kapena "Kutumiza ndalama kuchoka pa Airtel Money kupita pa Mpamba".

Koma ambiri amafufuza zinthu zitavuta kale, mtima uli m'mwamba. Oterewa amayamba ndi zimene zawagwera, choncho mutu nawo uyambe choncho: "Ndaiwala pini yanga ya Mpamba, nditani?", "Ndatumiza ndalama pa nambala yolakwika, zingabwerere?" ndi "Wina akuti wanditumizira ndalama molakwitsa, ndimubwezere?" Mutu womalizawu ukhoza kupulumutsa munthu kwa akuba amene amatumiza uthenga wabodza, chifukwa yankho lake n'kuyamba waona ndalama zimene zili m'foni ndi kusauza aliyense pini.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa. Musaike mtengo wotumizira kapena wotapira m'mutu, chifukwa mitengo imasintha ndipo mutuwo umasanduka bodza. Musalonjezenso zimene malangizo sangakwanitse, monga "Bwezani ndalama zanu pompano", pakuti wolandira molakwika akatapa msanga nkhani imatalika.

Kuti mudziwe ngati mutu wagwira, lembani mawu ake oyamba pa Google muone ngati akufanana ndi amene akubwera okha. Popeza zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, kauwerengereninso ejenti wa pamsika. Akati anthu amafunsadi choncho, usiyeni momwemo. Akaukonza, lembani mawu ake.