Kanema wasefukira pafoni: kodi mankhwala ake n'chiyani?

Mnzanga wina amene amasamalira webusayiti ya kwaya ya kumpingo kwawo anandiimbira foni madzulo ena ali wokhumudwa. Anali ataika kanema wa kwayayo patsamba loyamba, ndipo pakompyuta yake zonse zinkaoneka bwino. Koma atatumiza linki kugulu lawo la WhatsApp, madandaulo anayamba kubwera: kanema akuoneka theka, woimbitsa kwaya sakuoneka, tsamba lonse likugwedera kumanzere ndi kumanja munthu akalikhudza ndi chala. Anthu onsewo ankaona pafoni. Iye yekha ndiye ankaona pakompyuta.

Gwero la vutoli ndi kachidutswa ka khodi kamene YouTube imakupatsani mukadina Share kenako Embed. Kamayamba motere:

```html
<iframe width="560" height="315" src="..."></iframe>
```

Chinthu chotchedwa `iframe` chili ngati zenera limene mwaboola pakhoma la tsamba lanu kuti anthu azisuzumira tsamba la eni ake. Manambala awiriwo ndi muyeso wa zeneralo: mapikiselo 560 m'lifupi, 315 m'litali. Tsono mafoni ambiri amayala tsamba pamalo a mapikiselo pafupifupi 360 m'lifupi, ena kuposerapo pang'ono. Zenera la 560 silingakwane pakhoma la 360. Limangotulukira kunja, n'kukoka tsamba lonse.

Mnzangayo anali atayesa kale nzeru imene aliyense amayamba nayo. Analemba `max-width: 100%`, kutanthauza kuti zenera lisakule kuposa malo amene lilimo. Kusefukira kunathadi, koma kunabadwa vuto lina. Tiyeni tiwerengetsere. Foni ya 360 tikachotsako mpata wa 16 mbali iliyonse, patsala 328. M'lifupi mwatsika kufika 328, koma m'litali mukadali 315 momwe muja, chifukwa palibe amene wawuza nambalayo kuti itsike. Kanema amene akanafunika kutalika pafupifupi 185 basi wapatsidwa bokosi lotsala pang'ono kukhala lofanana mbali zonse. YouTube sipinda nkhope za anthu kuti idzaze bokosilo. Imangoika mizere yakuda, wina pamwamba wina pansi, uliwonse wa mapikiselo ngati 65. Mukaona mizere yakuda yotero pakanema amene analibe, dziwani kuti bokosi ndi kanema sizikugwirizana.

Wina anganene kuti, bwanji osalemba `height: auto` monga timachitira ndi zithunzi? Apa ndi pamene pagona nkhani. Chithunzi chimadziwa maonekedwe ake. Bulawuza ikatsegula chithunzi imaona yokha kuti n'chachitali bwanji poyerekeza ndi m'lifupi mwake, ndiye mukachepetsa mbali imodzi, inayo imatsatira. Koma `iframe` siidziwa chimene chili m'kati mwake. Mungakhale kanema, mapu kapena fomu yolembetsera. Mukaiuza kuti isankhe yokha msinkhu, imabwerera ku muyeso wake wobadwa nawo, umene ndi mapikiselo 150. Kanema uja amasanduka kamzere kopyapyala.

Choncho muyenera kuiuza nokha mgwirizano wa mbali ziwirizo. Makanema ambiri a masiku ano ali pa 16 kwa 9: pa magawo 16 aliwonse m'lifupi, pali magawo 9 m'litali. Gawani 560 ndi 16, mupeza 35. Chulukitsani 35 ndi 9, mupeza 315 uja. Ndiye m'fayilo ya CSS ya mnzangayo tinalemba izi:

```css
.kanema {
  width: 100%;
  height: auto;
  aspect-ratio: 16 / 9;
  border: 0;
}
```

Kenako tinawonjezera `class="kanema"` pa `iframe` ija. Mzere woyamba ukuti dzaza malo onse m'lifupi. Wachitatu ukuti msinkhu uziwerengedwa kuchokera m'lifupimo. Wachiwiriwo ndi umene anthu ambiri amauiwala, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Paja `height="315"` akadali m'khodi ya YouTube ija, ndipo bulawuza ikapatsidwa m'lifupi ndi m'litali momwe, `aspect-ratio` imangonyalanyazidwa. Mawu akuti `height: auto` ndiwo amachotsa mphamvu ya 315 kuti masamu agwire ntchito. Titasunga fayilo, kanema anakwana bwinobwino pafoni, woimbitsa kwaya n'kuonekanso ndi manja ake onse awiri.

Njirayi si yakale kwenikweni. Chrome inayamba kuimva mu Januwale 2021, pa nambala 88, ndipo Safari ya pa iPhone inatsatira chakumapeto kwa chaka chomwecho, pa nambala 15. Zaka zam'mbuyomo anthu ankadalira kachenjerero kamene Thierry Koblentz anakafotokoza mu 2009 m'magazini ya A List Apart. Mudzakapezabe m'mawebusayiti ambiri, ndipo n'kothandiza ngati owerenga anu ali ndi mafoni akale amene bulawuza yake sinakonzedwenso kwa zaka:

```css
.bokosi { position: relative; padding-bottom: 56.25%; height: 0; }
.bokosi iframe {
  position: absolute; top: 0; left: 0;
  width: 100%; height: 100%;
}
```

Nambala ya 56.25 isakuopseni, ndi 9 kugawa ndi 16 basi, m'maperesenti. Chinsinsi chake n'chakuti mu CSS, `padding` ikalembedwa m'maperesenti imawerengedwa kuchokera m'lifupi mwa malo amene chinthucho chakhalamo, ngakhale ikhale ya pansi. Ndiye mumapanga bokosi lopanda kanthu, limene msinkhu wake umatsatira m'lifupi, n'kuyala `iframe` pamwamba pake kuti ilikute lonse. Ingosamalani `position: relative`. Mukaiiwala, kanema amathawa m'bokosi n'kukaphimba mawu a patsamba.

Mapu ndi nkhani ina, ndipo apa ine sindigwirizana ndi amene amangokopera muyeso wa kanema. Google Maps imapereka zenera la 600 kwa 450, umene ndi 4 kwa 3. Koma mapu alibe maonekedwe oti muwateteze. Mukawapatsa bokosi lalitali amangoonetsa dera lalikulupo. Mapu a 16 kwa 9 pafoni amatalika 185 okha, ndipo kabokosi ka dzina la malo ndi mabatani zikadya gawo lake, munthu wofuna njira yopita kutchalitchi saona ngakhale mphambano yoti akhotere. Ine ndimaika `aspect-ratio: 1 / 1` pafoni, kuti msewu waukulu ndi kamsewu kolowera zionekere limodzi. Osapitiriranso muyeso mpaka mapu kudzaza sikirini yonse, chifukwa chala cha wowerenga chimafuna malo apadera ogwira potsitsa tsamba.

Makanema oimirira, monga a YouTube Shorts, amafuna `9 / 16`. Amenewo muwaikire malire, mwachitsanzo `max-width: 360px`, apo ayi pakompyuta adzatalika kuposa sikirini.

Tisanatumizenso linki kugulu, tinayesa kaye. Mu Chrome ya pakompyuta, dinani F12 kenako Ctrl+Shift+M, tsamba lioneka monga pafoni, ndipo mutha kukoka m'mphepete kuti muone ngati kanema akuchepa mbali zonse limodzi. Ngati tsamba lonse likuoneka ting'onoting'ono ngati nyerere, vuto si kanema. Fufuzani ngati m'mutu mwa tsamba muli mzere uwu:

```html
<meta name="viewport" content="width=device-width, initial-scale=1">
```

Popanda mzerewu foni imayala tsamba ngati kuti ili ndi mapikiselo 980, kenako n'kulifinya. Mnzangayo sanakhutire ndi za pakompyutazo. Anabwereka foni ya mayi wina woimba alito, yong'aluka galasi pakona, n'kuitembenuza chogona ndi choimirira kangapo, kenako anadina Send.