Mikanda itatu yobwerezedwa: mmene mwana amayambira kuona masamu

Mupatseni mwana wa zaka zisanu ulusi ndi mikanda ya mitundu iwiri, mumuyambire motere: wofiira, woyera, wofiira, woyera. Ana ambiri amapitiriza bwinobwino mpaka ulusi kudzaza, ndipo aphunzitsi amachonga kuti mwanayo wadziwa mapateni. Komatu kusinthanasinthana mitundu iwiri sikuonetsa zambiri, chifukwa mwana angathe kungoyang'ana mkanda womaliza n'kutola wosiyana nawo. Chofunika kuti mwanayo aone ndi kagulu ka mikanda kamene kakubwerezedwa, kumene kakuyambira ndi kumene kakuthera.

Akatswiri a maphunziro a ku Australia, a Marina Papic, a Joanne Mulligan ndi a Michael Mitchelmore, adasindikiza m'chaka cha 2011 zimene adapeza pakati pa ana a kumkombaphala. Ana amene adaphunzitsidwa kuzindikira kagulu kobwerezedwa ankatha kumanga ndi kufotokoza mapateni ovutirapo, pamene anzawo ambiri ankangodalira kusinthanitsa mitundu. Ku America, a Bethany Rittle-Johnson a ku yunivesite ya Vanderbilt ndi anzawo adatsatira ana ochokera m'mabanja osauka kuyambira ali ndi zaka 4 kufikira zaka 11, ndipo luso la mapateni lidali m'gulu la zinthu zimene zinkalosera mmene mwana adzakhozere masamu m'tsogolo. Izi sizikutanthauza kuti mikanda payokha imakhozetsa masamu. Nkhani yagona pa zimene mwana akufunsidwa kuchita nayo.

Tiyeni titenge pateni imodzi n'kuyenda nayo: mkanda wofiira umodzi, yoyera iwiri. M'mabuku a aphunzitsi pateni yotere amailemba kuti ABB. Ngati mikanda palibe, zitsekerero za mabotolo zoboola, timapesi todula kapena chimanga ndi nyemba zoyala pamphasa zimagwira ntchito yomweyo. Ana osakwana zaka zitatu asapatsidwe tinthu ting'onoting'ono totere, chifukwa amatiponya m'kamwa ndi m'mphuno.

Poyamba aphunzitsi atunge kaguluko katatu, mikanda 9 yonse pamodzi. Kagulu kooneka kamodzi kokha sikanakhale pateni, ndipo kakaoneka kawiri mwana sangatsimikize kuti kazibwerabe. Mwana ayambe ndi kukopera pa ulusi wake, kenako apitirize pamene aphunzitsi alekezera. Apa m'pamene vuto loyamba limaonekera. Ena amakopera bwino mikanda 9 ija, koma akayamba kupitiriza okha amabwerera ku chizolowezi: wofiira, woyera, wofiira, woyera. M'malo momuchotsera mkanda wolakwika, aphunzitsi amuuze mwanayo kuti atchule mitundu mokweza kuchokera poyambira, chala chili pa mkanda uliwonse. Nthawi zambiri khutu limamva pamene kamvekedwe kasinthira, ndipo mwanayo amakonza yekha.

Pali kamsampha kena kamene aphunzitsi amatchera osadziwa. Akamalekezera pateni pamapeto pa kagulu nthawi zonse, mwana amaphunzira kuti yankho ndi kungobwerera ku mkanda woyamba. Tsiku lina alekezere pakati: magulu atatu, kenako wofiira ndi woyera umodzi. Mwana amene waika wofiira sanaone kuti kagulu kachinayi sikanathe. Amene waika woyera wina waona.

Kuwomba m'manja kumalowa pamenepa, ndipo ntchito yake si kungotsitsimutsa kalasi. Aphunzitsi aloze mikanda ija, ana awombe m'manja kamodzi pa wofiira ndi kumenya ntchafu kawiri pa yoyerayo: phwa, du, du. Mtundu wachoka, ulusi wachoka, chatsala ndi kayalidwe kokha: chimodzi cha mtundu wina, ziwiri za mtundu wina. Mwana amene angasamutse pateni kuchoka pa mikanda kupita m'manja wagwira chinthu chimene sichidalira kufiira kapena kuyera. Njirayi imathandizanso m'kalasi ya Sitandade 1 ya ana ochuluka, momwe mikanda singakwanire aliyense koma manja ali ponseponse. Kuipa kwake n'kwakuti phokoso limatha msanga, ndipo mwana wosokonezeka amabisala m'chigulu potsanzira anzake. N'chifukwa chake ndi bwino kuombetsa mzere umodzi pawokha, kapena ana awiriawiri, wina akuwomba wina akuyala miyala yofanana ndi zimene wamva.

Kujambula kumasiya chizindikiro chimene aphunzitsi angachione pambuyo pake. Pa sileti, m'kope kapena pamchenga, mwana ajambule pateni yomweyo ndi zizindikiro zake: kamzere kozungulira kamodzi, timizere towongoka tiwiri. Akatha, azungulize ndi choko kagulu kalikonse. Amene wazunguliza zizindikiro zitatuzitatu kuyambira poyambira wamvetsa. Amene wazunguliza timizere tiwiri tokha, n'kusiya kozungulira panja, akuona zinthu zofanana osati zobwerezedwa. Kuyesa kwina kwabwino ndi kuphimba mikanda ndi nsalu mwana ataiyang'ana kwa kanthawi, kuti ajambule za m'mutu. Kuloweza mikanda 9 umodziumodzi n'kovuta, koma woona kagulu amangosunga zinthu ziwiri: kaguluko, ndi kuti kabwera katatu.

Tsopano manambala angalowe. Funso likhale lakuti: mkanda wa nambala 10 udzakhala wotani? Mwana wongoyamba amatunga kuti aone. Woona magulu amati magulu atatu atha pa 9, ndiye wa 10 ukuyamba kagulu katsopano, ndi wofiira. Kwa ana a Sitandade 2 funso likwere: nanga wa nambala 20? Magulu amatha pa 3, 6, 9, 12, 15 ndi 18. Wa 19 ndi wofiira, wa 20 ndi woyera. Mwanayo wawerenga modumpha zitatuzitatu, wapeza kuti mu 20 muli magulu 6 n'kutsala 2, ndipo uku ndi kugawa kokhala ndi zotsala ngakhale sanakuphunzirebe pabolodi. Mukamufunsa kuti magulu 5 afuna mikanda ingati, apeza yofiira 5 ndi yoyera 10, yonse 15.

Kumanga ulusiwo kuti ukhale chibangili kumabweretsa funso lina lokoma. Ndi mikanda 12 pateni imazungulira popanda chilema. Ndi mikanda 13 yofiira iwiri imakumana pamfundo. Ndi 14 pamakhala malo amodzi pamene woyera uli wokha pakati pa yofiira. Ana akayesa manambala angapo amadzipezera okha kuti amene akutseka bwino ndi 9, 12, 15 ndi anzawo.

Mapateni okula, monga milu ya miyala ya 1, 3, 5, 7, abwere pambuyo pake, ndipo aphunzitsi ayembekezere kuti ana ena akafika pa 5 abwerera ku 1 chifukwa azolowera kubwereza. Kuyala miluyo moyandikana, miyala iwiri yatsopano ikhale ya mtundu wina, kumaonetsa kuti chimene chikubwerezedwa tsopano ndi kuonjezera 2.

Pofuna kudziwa ngati mwana wakonzeka kupita patsogolo, aphunzitsi amuyalire pateni imene sanaionepo, monga nyemba ziwiri, chimanga chimodzi ndi mwala umodzi, yobwerezedwa katatu. Kenako amupemphe kuti atole tinthu tochepetsetsa timene mnzake angafunike kuti amange pateni yonseyo. Akatola tinayi timeneto m'ndondomeko yake, n'kuombanso m'manja mofanana nato, wakonzeka. Akatola tonse 12, abwerere ku mikanda ndi kuzunguliza magulu.